Ngati mwiniwake wakupatsa yekha, kukopera kwalakwika pati?

Tiya wa ku Bangula: Abale a pagulu lino ndithandizeni. Atipatsa asayimenti yoti tifotokoze chifukwa chimene kupereka ntchito ya munthu wina ngati yako kulili kolakwika, ndipo tigwiritse ntchito maganizo a akatswiri osachepera atatu. Mawu 1,500 basi. Ndinayamba ndi kunena kuti ndi kuba, koma ndakakamira pandime yachiwiri. Mnzanga wina anapatsidwa chimangirizo chonse ndi msuweni wake, wopereka uja anachita kumutumizira yekha, nkumuuza kuti angosintha dzina. Apa waberedwa ndani? Ndikalemba kuti ndi kuba, lekichala andifunsa funso lomweli.

Zuze wa pa Nchalo: Kuba ndi kuba achemwali. Anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika pano amayenera kukhala ndi chilolezo cha COSOMA, chifukwa nyimbozo zili ndi eni ake. Lamulo lake lilipo, la 2016. Ingolembani zimenezo, mwamaliza.

A Mbewe a ku Ngabu: Achimwene a Zuze, lamulo mwatchulalo lilipodi, koma likuyankha funso lina. Ilo limateteza mwini ntchito kuti asadyeredwe masuku pamutu. Tengani Aristotle, amene anamwalira zaka zoposa 2,300 zapitazo. Palibe mdzukulu wake amene angakusumireni mutasindikiza mabuku ake nkumagulitsa pa Dyeratu. Koma mutatenga ndime yake nkuiika m'chimangirizo chanu osamutchula, yunivesite ikulangani ndithu. Ndiye palinso mbali inayo: mutha kufotokopa buku lonse la munthu wamoyo, dzina lake lili pachikuto bwinobwino, mwaphwanya lamulo la umwini koma simunanamize munthu kuti munalemba ndinu.

Tiya, pamene wakakamirapo ndi pamene pali malikisi. Usathawepo. Nkhani ya msuweniyo uiike koyambirira, ndipo katswiri aliyense umufunse funso limodzi lomwelo: mwiniwake walola, ndiye chalakwika nchiyani? Amene alephere kuyankha unene kuti walephera.

Tiya wa ku Bangula: Aphunzitsi, kodi ndikhoza kulemba kuti katswiri walephera? Ine wa chaka choyamba?

A Mbewe a ku Ngabu: Ukhoza, bola uonetse pamene walepherera. Yamba ndi John Locke chifukwa ndiye mwini ganizo unayamba nalo lija. Iye ankati munthu akaika thukuta lake pa chinthu, chinthucho chimakhala chake. Ganizo limeneli limagwira bwino amene wakopera buku mobisa. Koma chako ndi chako, ukhoza kugulitsa kapena kupatsa amene wafuna. Msuweni uja wapereka chake, ndiye kwa Locke mlandu watha. Komabe tonse tikumva mumtima kuti mlandu sunathe. Zikutanthauza kuti cholakwa chachikulu sichili pakati pa wolemba ndi wokopera. Chili pakati pa wokopera ndi amene akuwerenga. Ziganizo zinayi zikukwanira pa Locke, usamutayire mawu ambiri.

Fatsani: Ine ndinalemba yofanana nayo chaka chatha, ndinagwiritsa ntchito aja oyang'ana zotsatira, Bentham ndi Mill. Nzosavuta. Ukakopera ukhoza kugwidwa, kupatsidwa ziro, mwinanso kuchotsedwa sukulu, fizi yonse yapita m'madzi. Ndinaikamo ndi nkhani ya nduna ya zachitetezo ya ku Germany, Guttenberg, amene mu 2011 yunivesite ya Bayreuth inamulanda digiri ya udokotala atapezeka kuti anakopera, mpaka anatula pansi udindo. Zoipa zikuchuluka kuposa zabwino, basi nkulakwa.

NaBanda: Ndiye akapanda kugwidwa ndiye kuti sanalakwe?

Fatsani: Amagwidwa madamu. Kuli Turnitin masiku ano, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera.

NaBanda: Turnitin imafananiza ndi zimene ili nazo. Chimangirizo chimene chinaperekedwa papepala chabe osalowetsedwamo, iyo siichidziwa. Komanso nambala imaonetsa ija ndi ya kufanana kwa mawu, sikuti ndi chigamulo. Mawu amene waika m'mitengero nkutchula mwini wake amatha kuwerengedwa ngati ofanana, pamene wina amene waba ganizo lonse nkusintha mawu amadutsa woyera.

A Mbewe a ku Ngabu: Fatsani wagwira theka. Nkhani ya ndunayo ndi yoona, koma zimene walembazo zikuonetsa kuti kukopera ndi koopsa kwa wokopera, sizikuonetsa kuti ndi kolakwa. Bentham, m'buku lake la 1789, sankawerengera chimwemwe cha munthu mmodzi. Ankati uwerengere onse amene akhudzidwa. Ndiye tiyeni tiwerengere mosabisa, pa nkhani ya mnzake wa Tiya. Tinene kuti ndi mphunzitsi wa pulayimale amene akuphunzira ali kwawo, madzi anamutengera mabuku, ali ndi ana anayi. Akakhoza akwezedwa, banja lipuma. Msuweni wakondwa kuti wathandiza. Lekichala sakudziwa kanthu ndiye sakumva kuwawa kulikonse. Ukaika pasikelo tsiku limenelo lokha, mbali ya kukopera ikhoza kulemera. Ophunzira ambiri amaopa kulemba zimenezi, koma ndi zimene lekichala wabwino akufuna kuona, kuti wazindikira pamene ganizolo likuterera.

Yankho likuchokera kwa Mill. M'mutu wachiwiri wa buku lake la 1863 amakamba za bodza lothandiza munthu kwa kanthawi. Akuti bodza lililonse, ngakhale laling'ono, limachepetsako kukhulupirika kwa mawu a munthu, ndipo kukhulupirika kumeneko ndi kumene kwagwiriziza moyo wa anthu pamodzi. Ife a kuno tikuzidziwa pa thonje. Mlimi mmodzi akathira mchenga m'belo, wapindula tsiku limenelo ndipo palibe walira. Akachita ambiri, ogula amayamba kukayikira belo lililonse la dera limenelo, ndipo amene amavutika ndi wolima moona mtima. Digiri imayendanso choncho. Ndiye powerengera uikemo anthu amene sakuoneka: mnzake wa m'kalasi amene anakhala usiku akulemba yekha nkupeza 55, ana a sitandade 6 amene adzaphunzitsidwe ndi munthu wa pepala lopanda kanthu kumbuyo, ndi aliyense amene adzanyamule satifiketi ya sukulu yomweyo kukafunsira ntchito.

Fatsani: Ndiye tikugwirizana aphunzitsi, zotsatira ndi zoipa.

A Mbewe a ku Ngabu: Ndi zoipa tikamayang'ana chizolowezi cha anthu onse. Koma munthu wouma mutu akhoza kukufunsabe kuti ine ndekha, kamodzi kokha, palibe adziwe, ndachepetsa chiyani? Apo Mill amapuma movutikira. Iye mwini anavomera kuti lamulo la kunena zoona lili ndi malo ena pamene lingapatukidwe.

Mai a Dalitso: Ndiloleni ndilowepo ngakhale sindili payunivesite. Ndinagwirako ntchito yolemba mayina a anthu okhudzidwa ndi madzi cha ku Makhanga, bungwe lake sinditchula. Mnyamata wina amene tinali naye anatenga lipoti la chaka china nkusintha deti yokha. Munali mabanja amene anasamukira kumtunda kalekale, ndipo munalibe mabanja atsopano amene nyumba zawo zinagwa sabata imeneyo. Katundu anabwera molingana ndi lipoti. Ndinaona mayi wina atakhala pansi pa mtengo wa msawu ndi thumba lopanda kanthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akudikira dzina lake limene silinali papepala. Ine mukati kukopera sikuvulaza munthu ndimakumbukira thumba limenelo.

Zuze wa pa Nchalo: Pepani mai, koma zimenezo ndi ulesi wa pantchito, si nkhani ya kusukulu.

Mai a Dalitso: Ulesiwo anauphunzira kuti? Ali ndi digiri mnyamatayo.

A Mbewe a ku Ngabu: Mai a Dalitso atifikitsa kwa Aristotle osadziwa. Iye amati munthu amakhala mmisiri womanga nyumba pomanga nyumba, ndipo amakhala wachilungamo pochita zachilungamo mobwerezabwereza. Asayimenti sinaperekedwe chifukwa lekichala akusowa chimangirizo chowerenga. Yaperekedwa kuti wolembayo asinthike polemba. Wokopera wapereka pepala, koma zimene zimayenera kuchitika m'mutu mwake sizinachitike, ndipo m'malo mwake wazolowera china, chomwe ndi kudutsa pachipata ndi nkhope ya wina. Tiya, pali malo ena amene ambiri sawaona. M'gawo lachinayi la buku lake la zamakhalidwe, Aristotle amakamba za munthu wodzitama, amene amadzinenera zinthu zabwino zimene alibe kapena kuzikulitsa kuposa mmene zilili. Munthu woona, akutero iye, amavomera zimene ali nazo, osawonjezera osachepetsa. Wokopera ndi wodzitama ameneyo. Ndipo taona kuti chilolezo cha msuweni sichisintha kanthu apa, chifukwa msuweni angakupatse pepala koma luso lake limatsala ndi iye.

NaBanda: Koma a Mbewe, kamodzi kokha kamapanga khalidwe? Munthu amene wakhala woona zaka 30, wakopera kamodzi madzi atamuthamangitsa, timutchule wodzitama?

A Mbewe a ku Ngabu: Apo ndiye pofooka pake, ndipo Tiya alembe. Aristotle amathandiza kwambiri pofotokoza munthu amene ukusanduka, koma sapereka mzere woonekeratu pa chochita chimodzi. Nchifukwa chake ine ndikanaika Kant pakati pa chimangirizocho nkumupatsa mawu ambiri.

Tiya wa ku Bangula: Kant ndi amene akundizunguza mutu. Ndalemba kuti aliyense atamakopera dziko silingatukuke. Zili bwino?

A Mbewe a ku Ngabu: Ayi mwanawe, ameneyo ndi Mill wavala malaya a Kant, ndipo ochonga amazindikira msanga. Kant safunsa ngati dziko livutike. Amafunsa ngati mfundo imene ukuyendera ingathe kukhala lamulo la onse osadziwononga yokha. M'buku lake la 1785 amapereka chitsanzo cha munthu wobwereka ndalama akudziwa kuti sadzabweza, koma nkulonjeza kuti abweza. Aliyense wopanikizika atamalonjeza chonchi, palibe angakhulupirire lonjezo, ndiye bodza lakelo silingagwirenso ntchito. Bodzalo limadya chikhulupiriro chimene likudalira.

Tsono uchite chimodzimodzi, pang'onopang'ono. Choyamba lemba mfundo ya mnzakoyo m'mawu ake: nthawi ikandithera, ndidzapereka ntchito ya wina m'dzina langa kuti ndipeze malikisi. Kenako yerekeza kuti wophunzira aliyense akuyendera mfundo imeneyi ndipo aliyense akudziwa. Dzina lapamwamba pa chimangirizo silikunenanso kuti walemba ndani. Lekichala sangapereke malikisi potengera pepalalo, chifukwa silikumuuza kanthu za munthuyo. Chimene mnzako amafuna, malikisi osonyeza kuti iye akudziwa, chasowa. Ndiye kuti njira yake imayenda pokhapokha enawo akamalemba okha. Akufuna lamulo ligwire onse kupatula iye. Kant amati cholakwa chili pamenepo, kaya wagwidwa kaya sanagwidwe, kaya ana ake adya kaya sanadye.

Pali mbali yachiwiri imene imayankha funso lako loyamba mwachindunji. Kant amati munthu usamugwiritse ntchito ngati chida chabe. Njira yodziwira ndi kufunsa ngati munthuyo akanatha kuvomera zimene ukumuchita atazidziwa. Msuweni anavomera, chabwino. Nanga lekichala? Sangavomere, chifukwa atangodziwa, chinyengocho chatha. Iye wasandutsidwa chidindo. Chilolezo chapemphedwa kwa munthu wolakwika.

Tiya wa ku Bangula: Eee, chilolezo chapemphedwa kwa munthu wolakwika. Ndingaike mawu amenewa?

NaBanda: Uwaike nkutchula a Mbewe, apo ayi ukhala wakopera m'chimangirizo chotsutsa kukopera.

A Mbewe a ku Ngabu: NaBanda akuseka koma akunena zoona. Funsa lekichala wako mmene amafunira kuti utchule zokambirana ngati izi, kapena utseke foni ulembe ganizolo m'mawu ako utawerenga Kant mwini. Ndipo usaiwale kumutsutsa nayenso. Mu 1797 analemba kuti sunganame ngakhale kwa wakupha amene akukufunsa kumene mnzako wabisala, zimene anthu ambiri amaziona ngati kuuma mtima. Komanso kwa iye nkovuta kusiyanitsa amene waiwala mitengero pa chiganizo chimodzi ndi amene wagula digiri yonse. Ndinene bwino, woiwala moona sananame, chifukwa Kant amayang'ana cholinga. Koma malamulo a mayunivesite ambiri amalanga ngakhale wosadziwa, ndiye Kant yekha sakwanira kufotokoza malamulowo.

Zuze wa pa Nchalo: Azungu okhaokha. Nanga umunthu wathu? Mutu umodzi susenza denga. Kwathu kuno nzeru si ya munthu mmodzi. Mwambi uli ndi mwini wake? Gule ali ndi mwini wake? Msuweni uja anachita zaumunthu, anaona m'bale wake akumira nkumuponyera chingwe. Zoti chilichonse chikhale ndi dzina la munthu zinabwera ndi sitima.

NaBanda: Achimwene, apa ndikutsutsani. Agogo anga a ku Tengani akamanena mwambi ankayamba ndi kuti akuluakulu amati. Sankanena kuti ine ndikuti. Pabwalo la mfumu mboni imafunsidwa kuti unaona ndi maso ako kapena unangomva, ndipo ngati unamva, unamva kwa yani. Wonena zakumva ngati zoona ndi maso amachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi. Ndiye kutchula kumene wachotsa mawu sikunabwere ndi sitima, tinali nako. Chimene chinabwera ndi kalembedwe kake, chaka ndi tsamba.

Ndiponso kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Ngati ndili munthu chifukwa cha anthu ena, ndiye kufufuta dzina la amene wandithandiza nkuima ndekha ngati zonse zachokera m'mutu mwanga ndiko kukana umunthuwo. Tiya akafuna wolemba woti amutchule, John Mbiti wa ku Kenya analemba za ganizo limeneli mu 1969.

A Mbewe a ku Ngabu: Sindiwonjezerapo. Tiya, ndime ya umunthu uitenge kwa NaBanda, koma mawu a Zuze uwaikemonso ngati chitsutso, chifukwa lekichala wachimalawi aganiza zomwezo.

Zuze wa pa Nchalo: Za wolandira ndavomera pang'ono. Koma wopereka simunandiyankhe. Inu NaBanda m'bale wanu atakulirirani usiku, mawa ndi tsiku lomaliza, magetsi kulibe, mungamuuze za Kant?

NaBanda: Ndingakhale naye mpaka tambala woyamba, ndikumufunsa mafunso iye akulemba. Ndingamuuzenso alembere lekichala kupempha masiku owonjezera, nthawi ya madzi ambiri amamvetsa.

Zuze wa pa Nchalo: Ndi bwino ngati muli pafupi. Wina ali ku Marka wina ali ku Lilongwe, mayunitsi a K500.

Mai a Dalitso: Apa a Zuze ali ndi mfundo. Kumana m'bale wako kuno kumakhala ndi dzina loipa, anthu sadzakumbukira za malamulo a sukulu, adzakumbukira kuti unakana.

Fatsani: Ine funso langa ndi lina. Nanga ndikatenga chimangirizo changa chomwe cha chaka chatha nkuchipereka m'kosi ina? Ndaba kwa ndani? Ndine mwini, ndalola, ndinalembadi ndine.

A Mbewe a ku Ngabu: Funso labwino, ndipo likutsimikiza kuti nkhani si umwini. Locke alibe chonena. Kant afunsa chimene lekichala akuganiza kuti walandira. Ngati akuyembekeza ntchito yatsopano ya kosi imeneyo iwe nkubisa kuti ndi yakale, wamunamiza. Ukamuuza iye nkuvomera, palibe mlandu. Koma ndisaname, ili ndi lopepukirapo, ndipo sukulu zimasiyana polilanga. Werenga malamulo a kwanu.

Tiya wa ku Bangula: Sindinakuuzeni mmene mnzanga uja zinamuthera. Chimangirizocho chinali cha kusefukira kwa madzi m'chigwa chino. Msuweni anachilemba kumayambiriro kwa 2023, ndiye munali chiganizo chakuti namondwe wa chaka chatha anawononga damu la Kapichira, kutanthauza namondwe Ana wa mu Januwale 2022. Mnzanga anachipereka mu 2024 osasintha. Lekichala anazunguliza mawu akuti chaka chatha ndi cholembera chofiira, nkulemba m'mbali kuti chaka chatha kunali Freddy, ndipo Freddy sakutchulidwa paliponse m'masamba asanu ndi limodzi. Munthu wa ku Nsanje kulemba za madzi mu 2024 osatchula Freddy. Anamuitana nkumufunsa kuti afotokoze ndime yachitatu ndi pakamwa, anangoti kakasi.

NaBanda: Ndi mmene amagwidwira ambiri, osati ndi makina. Deti yosagwirizana, kalembedwe kosintha mwadzidzidzi pakati pa tsamba, mabuku otchulidwa amene munthuyo sanawaonepo.

Fatsani: Mwaona? Amagwidwa. Ndimanena zomwezi.

A Mbewe a ku Ngabu: Fatsani, akanasintha chiganizo chimodzicho nkuwonjezera ndime ya Freddy akanadutsa, ndipo Tiya akanakhalabe ndi funso lomweli. Tiya, nkhani imeneyi uigwiritse ntchito koma ubise dzina ndi dera, munthuyo akadali pasukulu. Pa mawu 1,500 aja, ine ndikanapatsa Kant pafupifupi 400, Mill 300, umunthu 300, Aristotle 200, zotsalazo nkhani ya msuweni, Locke ndi maganizo ako. Usalembe mbiri ya moyo wa akatswiriwa, palibe malikisi pa tsiku limene Kant anabadwa.

Tiya wa ku Bangula: Zikomo aphunzitsi. Koma pomaliza akufuna ndinene ganizo limene ndikuliona lamphamvu. Ine mtima uli pa umunthu monga anafotokozera NaBanda, ngakhale inu mwakonda Kant.

A Mbewe a ku Ngabu: Sankha umunthu ngati ungauteteze. Koma ukatero funso la Zuze la wopereka uja likhala lako, uyenera kuliyankha m'chimangirizomo, ndipo ine sindinamve yankho londikhutiritsa pano.

Zuze wa pa Nchalo: Ndiponso muwafunse a lekichala anuwo ngati msuweni wopereka uja naye amalangidwa, poti anamaliza kale sukulu.

NaBanda: Akanakhala kuti akadali pasukulu akanalowa nawo mlandu, sukulu zambiri zimalanga onse awiri. Womaliza kale, zitengera malamulo a yunivesiteyo. Tiya, ukamaliza ndime ya umunthu unditumizire kumbali ndiione usanapereke, ndikhala ndi netiweki Lachinayi ndikapita ku boma.